Kasola ka pamsana pa pawabanki sikadzaza batire

Abale anga a muno mu Blantyre, ndikaona anthu ku Limbe akugula mapawabanki okhala ndi kasola pamsana zimandiwawa, chifukwa inenso ndalama zanga zinalowa m'madzi momwemo.

Yanga inalembedwa 20000 mAh, muyeso wa moto womwe batire limasunga. Batire la foni yanga ndi la 5000 mAh, ndiye ndinkayembekeza kuti izidzaza kanayi. Inkadzaza kawiri ndi theka basi. Apa sanandibere ayi. Nambalayo amawerengera pa mavoti 3.7 a batire la mkati. Moto potuluka umakwezedwa kufika mavoti 5, foni n'kuutsitsanso, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limatayika panjira. N'chifukwa chake zonse ziwiri zimafunda potchaja.

Chomwe chinandipweteka ndi kasolako. Pawabanki yotere imasunga 74 Wh, kutanthauza moto wa wati imodzi kwa maola 74, ndipo zambiri amalemba m'timalemba ting'onoting'ono kunsi kwake. Kasola kofanana ndi chikhatho kamapereka pafupifupi wati imodzi. Dzuwa lamphamvu likawala maola asanu, mwapeza 5 Wh. Kuti idzadze mudikire masiku 15, ndipo apo sitinanene za chiperoni cha mu Juni, pamene phiri la Ndirande limakhala m'nkhungu tsiku lonse. Ine ndinkaiyanika padenga la malata mu Okutobala, osadziwa kuti batire la lifiyamu limadana ndi kutentha. Inafufuma, chikuto n'kuyamba kukanuka. Yanu ikafika pamenepo musaitchajenso, ikhoza kuyaka.

Maganizo anga ndi akuti mugule nyale kapena tchaja yomwe sola yake ili payokha, yokhala ndi nthambo yaitali. Sola ikhale padzuwa, batire likhale m'nyumba pozizira. Sola ya mawati 10 ikapeza dzuwa labwino imakwanitsa kudzaza foni n'kuyatsa nyale usiku womwewo.

Kenako tembenuzani katoni, muone mtundu wa batire. Likalembedwa LiFePO4, kawirikawiri pamakhalanso 3.2V, limapirira kutchajidwa pafupifupi ka 2000. Mukamatchaja tsiku lililonse, zimenezo ndi zaka zoposa zisanu. Lolembedwa Li-ion limayamba kufooka mukalitchaja ka 300 mpaka 500, ndiye pakatha chaka ndi theka mudzaona nyale yomwe inkafika m'bandakucha ikuzima ana asanamalize homuweki. Nyale zotchipa zolemera ngati njerwa, zolembedwa 4V kapena 6V, zambiri zimakhala ndi batire la asidi. Limenelo mukalisiya lopanda moto kwa masabata angapo silidzukanso.

Wogulitsa akalephera kukuonetsani pomwe palembedwa mtundu wa batire, ine sindigula, kaya atsitse mtengo chotani. Mumufunsenso ngati batirelo limachoka. Yomwe ndili nayo panopa ili ndi kachitseko kunsi komanga ndi masikulu awiri, ndiye likadzatha ndidzangosintha batire, sola ndi nyale zidzakhala zomwezo.