Msuzi wa mang'ina suchotsa mowa m'magazi

Loweruka lapitali tinali pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga ku Lilongwe. Mlamu wanga, amene anatinyamula pa galimoto yake kuchokera ku Dedza, anayamba kumwa cha m'ma 6 koloko madzulo ndipo anasiya pakati pa usiku. Mwini wake anavomera kuti mabotolo anakwana khumi. Pofika 5 koloko m'mawa anali atadzuka kale, atasamba madzi ozizira, kapu ya khofi ili m'manja, mbale ya msuzi wa mang'ina wothira kambuzi ikufuka nthunzi pambali pake.

"Alamu, kwezani ana tizipita dzuwa lisanatenthe. Ine ndili bwinobwino, zonse zatha."

Ndinakana kukweza ana anga. Achibale ena anati ndachita mwano kwa munthu amene watithandiza, ndipo mawu amenewo akundiwawabe. Ndimaphunzitsa bayoloje kusekondale, ndiye ndikufuna ndifotokoze pano zimene zinali m'mutu mwanga m'mawa umenewo, chifukwa mlamu wangayo sankanama ayi. Iye ankamvadi bwino. Koma chiwindi chake chinali chisanamalize ntchito.

Chimene chimaledzeretsa mu mowa uliwonse, kaya ndi wam'botolo, masese kapena kachasu, ndi chimodzi, dzina lake etanolo. Akalowa m'mimba safuna kugayidwa ngati nsima. Amangodutsa khoma la chifu ndi la matumbo aang'ono n'kulowa m'magazi, kenako n'kumwazika m'madzi onse a m'thupi, mpaka ku ubongo. Wotuluka kudzera mu mpweya, mkodzo ndi thukuta ndi wochepa kwambiri, sapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi. Wotsalayo, pafupifupi yense, ayenera kuphwanyidwa m'chiwindi. Apa pokha mutha kuona kuti kuthamanga kuti utuluke thukuta kapena kumwa madzi ambiri kuti ukodze ndi kulimbana ndi kachigawo kakang'ono ka vutolo.

M'chiwindi ntchito imayenda m'masitepe awiri. Poyamba pali enzaimu yotchedwa ADH. Enzaimu ndi puloteni yomwe ntchito yake ndi kugwira chinthu china n'kuchisintha msanga. ADH imagwira etanolo, n'kumuchotsa tizidutswa tiwiri totchedwa mahaidulojeni, ndipo chotsalacho ndi asetalidehaidi. Ameneyu ndi poizoni woposa mowa weniweniwo. Akachuluka m'magazi nkhope imafiira, mtima umagunda mothamanga, mutu umawawa, nseru imabwera. Mwamwayi thupi silimulola kukhalitsa. Enzaimu yachiwiri, ALDH2, yomwe imakhala m'timagawo ta selo totchedwa mitokondiriya, imamugwira nthawi yomweyo n'kumusandutsa asetati, msuweni wake wa viniga uja timathira mu tchipisi. Asetati alibe vuto lalikulu. Amatuluka m'chiwindi n'kupita ku minofu ndi ku mtima, komwe amawotchedwa ngati chakudya mpaka kutsala madzi ndi mpweya woipa umene timapumira kunja.

Kuti muone kufunika kwa sitepe yachiwiriyo, ku China, Japan ndi Korea kuli anthu ambiri, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse, amene anabadwa ndi ALDH2 yofooka. Akangomwa pang'ono nkhope imafiira psuu, chifukwa asetalidehaidi waunjikana. Mankhwala otchedwa disulufiramu, amene madokotala amapatsa anthu ena ofuna kusiya mowa, amatseka dala enzaimu yomweyi, kuti munthu akamwa adwale.

Tsopano funso lenileni. N'chifukwa chiyani chiwindi sichifulumira mowa ukachuluka?

Ganizirani chigayo cha pa tauni yaing'ono, tsiku la msika. Makina ndi amodzi. Pakakhala amayi awiri pamzere, makina amagaya chitini chimodzi pa mphindi zingapo. Pakakhala amayi makumi asanu, amagayabe chitini chimodzi pa mphindi zomwezo. Mzere ukatalika chimene chimakula ndi nthawi yodikira, liwiro la makina silisintha. ADH ili chimodzimodzi. Imagwira etanolo mwamphamvu kwambiri moti mowa wochepa chabe, wa botolo limodzi kapena awiri, umakhala utaidzaza kale. Kuyambira pamenepo ikugwira ntchito pa mphamvu yake yonse, ndipo botolo lachitatu mpaka lakhumi amangoima pamzere, akuzungulira m'magazi ndi kudutsa mu ubongo kudikira nthawi yawo. Mankhwala ambiri amene timamwa sakhala chonchi. Mlingo wawo ndi wochepa poyerekeza ndi mphamvu ya chiwindi, ndiye akachuluka m'magazi, ochotsedwa pa ola nawonso amachuluka. Mowa timaumwa m'magalamu makumimakumi, n'chifukwa chake makina amadzaza.

Koma pali chinthu china chimene chimamanga liwiroli kwambiri, ndipo ndi chimene ana anga a sukulu amavutika nacho. Mahaidulojeni amene ADH ikuchotsa aja sangotayidwa pansi. Pamafunika chowalandira, dzina lake NAD+. Chikawalandira chimasanduka NADH, ndipo sichingalandirenso china mpaka chitakakhuthula. Tibwerere ku chigayo kuja: NAD+ ndi beseni lolandirira ufa kukamwa kwa makina. Mabeseni m'chiwindi ndi owerengeka. Sitepe yoyamba imadzaza limodzi, yachiwiri imadzaza linanso, ndiye kachidutswa kalikonse ka etanolo kamafuna mabeseni awiri. Okhuthulira ake ali ku mitokondiriya, komwe NADH imapereka katundu wake mothandizidwa ndi okosijeni kuti selo ipeze mphamvu. Koma selo imafuna mphamvu pa mlingo wake, siingawotche mopitirira. Mabeseni odzaza akaunjikana, opanda kanthu akasowa, wogayitsa amadikira ngakhale makina ali bwino. Khofi sakhuthula mabeseni amenewa. Madzi ozizira safikako. Msuzi ndi kambuzi zimadzutsa munthu, koma mzere wa kuchiwindi uli pomwepo.

Liwiro lake linayezedwa kalekale. Katswiri wa ku Sweden, Erik Widmark, analemba za zimenezi mu 1932, ndipo masamu ake akugwiritsidwabe ntchito m'makhoti a mayiko ambiri. Munthu wolemera makilogalamu 70 amaphwanya magalamu pafupifupi 7 a etanolo pa ola.

Tiwerengere limodzi za mlamu wanga, yemwe thupi lake ndi la pamenepo. Botolo la mamililita 330 la mowa wa 5% lili ndi etanolo wochuluka chonchi: 330 × 0.05 × 0.789, zomwe zikupereka magalamu 13. Nambala ya 0.789 yabwera chifukwa etanolo ndi wopepuka kuposa madzi. Botolo limodzi ndiye kuti likufuna pafupifupi maola awiri. Mabotolo khumi ndi magalamu 130. Chiwindi chinayamba ntchito 6 koloko madzulo, pa botolo loyamba. Pofika 5 koloko m'mawa chinali chitagwira maola 11, n'kuphwanya magalamu 77. Otsala anali 53. Amenewo ndi mabotolo anayi athunthu, ali m'magazi a munthu amene wagwira makiyi. Kuti atheretu panafunika maola ena asanu ndi awiri ndi theka, kutanthauza masana dzuwa lili paliwombo.

Ndifunseni: mukanaona munthu akugugudiza mabotolo anayi pamaso panu 5 koloko m'mawa, mukanakweza ana anu m'galimoto yake? Kusiyana kwake n'koti mlamu wanga anagonako pakati, ndipo tulo timanamiza. Ubongo umazolowera mowa pakapita maola, ndiye munthu amamva ngati waledzeruka pomwe maso ndi mapazi ake akuchedwabe kuyankha njinga ikatulukira mwadzidzidzi pa msewu wa M1. Ndipo kabotolo kakang'ono ka mamililita 200 ka mowa waukali wa 40%, kamene anyamata amamaliza pa mphindi zochepa, kali ndi magalamu 63, ntchito ya maola asanu ndi anayi.

Wina andiuza kuti anthu amasiyana. Zoona, n'chifukwa chake ndikuti pafupifupi. Wathupi lalikulu ali ndi chiwindi chachikulu, amaphwanya ochulukirapo. Kudya musanamwe kumachedwetsa mowa kulowa m'magazi, ndipo chiwindi cha munthu wokhuta chimagwira bwinoko kuposa cha wanjala. Koma kusiyana kumeneku kumachotsa maola ochepa chabe, sikusandutsa maola 18 kukhala asanu.

Amene amafulumiradi ndi chidakwa cha tsiku ndi tsiku, ndipo si nkhani yonyadira. Chiwindi chili ndi kachigayo kena kapambali, enzaimu yotchedwa CYP2E1. Mwa munthu wongomwa mwa apo ndi apo kamagwira zochepa, koma mwa womwa tsiku lililonse thupi limakachulukitsa. Munthu uja amayamba kudzitama kuti mowa sumugwira. Kachigayo kameneka kamatulutsa zinyalala zimene zimawononga maselo a chiwindi chomwecho, komanso ndi komwe kamasandutsa gawo lina la parasetamolo, uja timangoti panado, kukhala poizoni. Choncho womwa kwambiri amene amameza mapilitsi ambirimbiri pofuna kuthetsa matsire akuika chiwindi chake pa ngozi yeniyeni.

Mabeseni odzaza aja alinso ndi zotsatira zina zimene ndikufuna makolo azidziwe. Chiwindi chimafuna NAD+ yomweyo kuti chipange shuga wa m'magazi munthu akakhala osadya, komanso kuti chiwotche mafuta. Mowa ukalanda mabeseni onse, ntchito ziwirizi zimaima. Mafuta amayamba kuunjikana m'chiwindi, ndipo zimenezi zimatha kuoneka pakangopita masiku ochepa akumwa kwambiri. Za shuga ndiye zoopsa msanga. Munthu amene wachezera kachasu masiku awiri osadya, kapena mwana wamng'ono amene wapeza chikho cha mowa n'kumwa, shuga wake amatha kutsika mpaka kukomoka. Thupi limazizira, thukuta lili kamukamu, mwina kunjenjemera kapena kugwa ngati wakhunyu, ndipo ukamugwedeza sadzuka. Ife timati msiyeni agone, waledzera. Ameneyo ndi wothamangira naye kuchipatala, atagonekedwa chammbali kuti masanzi asamutsamwe, osamuthira kanthu m'kamwa ali chikomokere.

Nanga botolo lija la m'mawa loti n'lochotsera matsire? Limaphimba kuwawa kwa mutu kwa kanthawi, koma lawonjezera magalamu 13 kumapeto kwa mzere, maola ena awiri.

M'mawa uja ndinatenga cholembera n'kuwerengera mlamu wanga kuseri kwa khadi la chinkhoswe, monga ndachitira panomu. Anayang'ana nambala ya 53 nthawi yaitali. Kenako anati, "Alamu, masamu anuwo sakudziwa thupi langa." Sanavomere, koma makiyi anawapereka kwa mphwake amene sanalawe dontho usiku wonse. Iye anakhala mpando wakumbuyo, ndipo tisanafike pa Nathenje anali atagona, mutu uli pa windo.