.243 ndi yabwino pa nswala, pa ngoma muisiye kunyumba

Maganizo anga awa, alenje anzanga, ndipo ndikudziwa kuti ena mundikwiyira. Mfuti ya .243 Winchester ndimaikonda. Sikankha paphewa, imalasa pomwe walozapo, ndipo pa nswala ya makilogalamu 50 kapena 60 palibe chodandaula. Koma kuinyamula kukasaka ngoma yamphongo, nyama yopitirira makilogalamu 200, ndi kutchova njuga ndi ululu wa nyamayo.

Ndinazionera pafupi zimenezi. Mnzanga wina anawombera ngoma pamtunda wa mamita ngati 120, itaima chopendekera, ikuyang'ana kumene tinali. Mumfuti munali chipolopolo cha magireni 80, chija chachikopa chopyapyala chimene anachipangira tinyama ting'onoting'ono. Chinamenya paphewa penipeni. Ngoma ija inagwada, n'kudzambatuka, ulendo wa m'tchire. Pamalopo tinapeza ubweya, tizidutswa tafupa ndi magazi ofiira opanda thovu. Magaziwo anayamba ambiri, kenaka dontho apa dontho apo, mpaka zii. Tinaipeza mawa lake chakumasana ili moyo, ikudumphira miyendo itatu. Posenda tinaona bala lotambalala ngati chikhatho koma losazama. Chipolopolo chinaphwasukira pafupa, ndipo mapapo onse awiri anali bwinobwino.

Mnzangayo sanaphonye ayi. Chimene chinachepa ndi chipolopolo.

Nyama imafa msanga ngati chipolopolo chaboola mapapo onse awiri kapena mtima, magazi n'kutayika mofulumira. Pa nswala ulendo wokafika kumeneko ndi waufupi, nthiti zake n'zopyapyala. Pa ngoma yoima chopendekera, chipolopolo chiyenera kudutsa chikopa, mnofu wochindikala ndi fupa la mwendo wakutsogolo chisanafike pamapapo, ndipo chikafikeko chidakali ndi thupi. Liwiro lokha silithandiza. Chipolopolo chopepuka chothamanga kwambiri ndiye chimaphwasuka msanga chikagunda fupa. Chofunika ndi kulemera ndi kulimba. Zipolopolo wamba za .243 zimathera pa magireni 100, omwe ndi magalamu 6.5. Mu .308 Winchester kapena .30-06 mumalowa cha magireni 180, pafupifupi magalamu 12, ndipo chikakhala chija mtovu wake unamatiriridwa kuchikopa, kapena chamkuwa wokhawokha, chimafutukuka kumutu ngati bowa koma osamwazika. Chimathyola phewa, kudutsa mapapo, nthawi zambiri n'kutulukira mbali inayo. Bowo lotulukiralo ndi limene limasiya magazi oti munthu n'kulondola.

Wina anena kuti iye anagwetsapo ngoma zingapo ndi .243. Sindikutsutsa. Ikaima chopingasa, pafupi, chipolopolo cholimba cha magireni 100 n'kulowa kuseri kwa phewa, imafa ndithu. Koma kodi ngoma imaima chopingasa kangati? Kawirikawiri umangoona theka la thupi pakati pa zitsamba, ndipo ikasuntha phazi limodzi pamene chala chakoka kale, malo ofewa aja asanduka fupa.

Musandimve molakwika, sindikuti aliyense athamangire .375 H&H. Imeneyo, ndi chipolopolo chake cha magireni 300, ndi ya njati, ndipo m'maiko angapo a mu Africa ndiyo poyambira mwalamulo pa nyama zoopsa. Munthu amene amaiopa amatsinzina ndi kugwedeza mfuti isanalire, chipolopolo n'kukalowa m'mimba. Kuli bwino .308 yolasa pamapapo kusiyana ndi .375 ya m'matumbo. Kudziyesa n'kosavuta. Pamalo oyeserera, mnzanu aike chipolopolo chabodza, chosalira, pakati pa zenizeni inu osaona. Mukafika pachabodzacho mfuti n'kugwera kutsogolo, ndiye kuti yakukulirani, tsikirani pa imene mumawombera maso ali chitsegulire.

Ndipo mfuti ikalira musathamangire m'tchire, yambani mwawerenga pansi. Magazi owala a thovu ndi a m'mapapo, nyamayo siipita patali. Oderako ndi a chiwindi, dikirani maola angapo kuti igone. Mukaona zobiriwira zonunkha, mwalasa m'mimba, ndipo kuithamangitsa msanga ndi kuitaya. Koma mukapeza tizidutswa tafupa ndi magazi ongocheperachepera, monga tinapezera ife, limenelo ndi bala la phewa kapena mwendo. Yoteroyo siigona n'kufa yokha. Muitsate nthawi yomweyo, ndipo patsogolo pakhale munthu amene wanyamula mfuti yokulirapo.