Musamalumbirire anzanu pa pepala la kafukufuku

Ana anga ochita kafukufuku wa zaumoyo muno mu Mzuzu, tandimverani. Mumatha chaka chathunthu mukutuluka thukuta m'zipatala ndi m'midzi, koma mizere ya kumapeto kwa pepala, youlula thandizo lomwe mudalandira ndi amene adagwira ntchito, mumailemba usiku womaliza, tulo tili m'maso. Khalidwe limeneli lilekeni.

Posachedwapa mnyamata wina adandibweretsera pepala lokhudza zipangizo zoyezera malungo, olemba ake 6. Pamene magazini imafunsa ngati wolemba ali paubale ndi kampani, kapena ali ndi phindu lina lomwe lingakhotetse maganizo ake, iye adalemba kuti palibe, kuyankhira onse. Nditamufunsa ngati anzakewo adawafunsa, adangoyang'ana pansi, nkumakanda tebulo ndi cholembera. Tidawaimbira mmodzimmodzi. Zidatuluka: zipangizozo kampani idapereka ulere, ndipo mmodzi mwa olembawo kampani yomweyo idamulipirira ndege ndi malo ogona popita kumsonkhano zaka ziwiri zapitazo.

Kulandira thandizo si mlandu ayi. Choipa nkubisa. Fomu yoululira zimenezi ya ICMJE, komiti ya akonzi a magazini a zaumoyo a m'maiko osiyanasiyana, wolemba aliyense amadzaza yakeyake. Imafuna thandizo lonse lomwe lidalowa m'kafukufukuyo, kaya lidabwera liti, komanso maubale ena okhudza nkhaniyo a m'miyezi 36 yapitayo. Ulendo uja, mwaona, udali mkati mwa miyezi imeneyi. Ndipo zipangizo zaulere ndi thandizo ndithu, ngakhale simudagwire khobidi m'manja. Tchulani amene adapereka, nambala ya thandizolo ngati ilipo, ndipo nenani poyera ngati woperekayo adalowererapo pokonza kafukufuku, posanthula zotsatira, polemba, kapena posankha kuti pepala lituluke. Zikadzaululika mochedwa, magazini imatulutsa chikonzo, mwinanso kulichotseratu pepalalo, maina anu onse ali pomwepo.

Chomwe chidandiwawa koposa ndi maina. Abwana a dipatimenti, amene sadawerenge ndi tsamba limodzi lomwe, adali pamndandanda wa olemba. Namwino amene adayeza odwala miyezi yonseyo sadatchulidwe paliponse. Ndikudziwa, kwathu kuno kusiya dzina la wamkulu kumachititsa manyazi, koma ICMJE ili ndi mfundo 4 zoti munthu awerengedwe ngati wolemba ndipo zonse ziyenera kukwanira: munthu agwire ntchito yooneka pokonza kafukufuku, posonkhanitsa kapena pomasulira zotsatira, alembe nawo kapena kuunika zolembedwazo mozama, avomereze pepala lomaliza, ndipo akhale wokonzeka kudzayankha pakabuka mafunso. Kungopezera gulu ndalama kapena kungoyang'anira ofesi sikukwanira, oterowo amathokozedwa kumapeto, atavomera okha. Namwino uja adakwanitsa mfundo yoyamba, choncho adayenera kupatsidwa mpata wounika pepalalo kuti alowe pa olemba.

Mnyamatayo ndidamubweza. Ndidamuuza kuti aitane anzake, aliyense alembe yekha ntchito yomwe adagwira pambali pa dzina lake, apite kwa namwinoyo ndi pepala m'manja, ndipo asadzabwerenso kwa ine popanda fomu ya aliyense.