Mfumu ikasowa kopita sikuti mwapambana: za sitelimeti ndi tchekimeti

Maganizo anga pa tchesi ndi akuti anthu ambiri amene amadandaula kuti lamulo la sitelimeti ndi lopanda chilungamo amakhala kuti anataya okha masewera amene anali kale m'manja mwawo. Munthu ali ndi mfumukazi, mnzake watsala ndi mfumu yokhayokha, koma mapeto ake akugawana theka theka la pointi. Zimapweteka ndithu, koma vutoli lili ndi gwero limodzi lodziwika bwino, ndipo limapeweka.

Kusiyana kwa ziwirizi kwagona pa funso limodzi: kodi mfumu ili pa tcheki? Pa tchekimeti mfumu yaopsezedwa, ilibe kothawira, palibe chotchinga, ndipo woiopsezayo sangadyedwe. Apo masewera atha, mwapambana. Pa sitelimeti mfumu siili pa tcheki, koma mwini wake, nthawi yake yosewera itakwana, alibe kusuntha kulikonse kololedwa, kaya ndi mfumuyo kaya ndi msilikali wina aliyense. Pa tchesi munthu saloledwa kudumphitsa nthawi yake, komanso saloledwa kulowetsa yekha mfumu yake pa tcheki, choncho masewera amathera pomwepo, mwafanana mphamvu. Zilibe kanthu kuti muli ndi mfumukazi zitatu pa bolodi. Ndipo pamenepo palibe zopempha kapena kukambirana, masewera amakhala atatha nthawi yomweyo.

Pa tanthauzo limeneli pakutuluka mfundo imene ndimaona kuti ndiye yofunika kuposa zonse: simungachite sitelimeti ndi kusuntha kopereka tcheki. Ngozi yonse ili pa kusuntha kwachete, monga kuyandikitsa mfumukazi, kudya poni, kapena kukweza poni popanda tcheki. Choncho musanagwire msilikali pa kusuntha kotere, dzifunseni kuti, "ndikatere, mnzangayu asewera chiyani?" Musayankhe mwachisawawa kuti ali nako kopita. Tchulani kabokosi kake, g8 kapena a6. Ngati mwalephera kutchula ngakhale kamodzi, bwezani dzanja.

Tione mmene zimachitikira ndi mfumu ndi mfumukazi polimbana ndi mfumu yokha. Njira imene ambiri amaphunzira ndi yoika mfumukazi pa mtunda wa kulumpha kwa hatchi kuchokera pa mfumu ya mdani, kenako nkumatsatira mayendedwe ake mpaka itapanikizika m'mphepete. Njirayi ndi yabwino, koma imakupatsani chizolowezi chimene chimadzakupwetekani pakona.

Ikani bolodi motere: zoyera zili ndi mfumu pa e4 ndi mfumukazi pa e6, zakuda zili ndi mfumu pa g7, ndipo zakuda ndizo zikusewera. Mfumu yakuda ikulowa pakona, pa h8. Dzanja lozolowera lija limafuna kuika mfumukazi pa f7 kapena pa g6, chifukwa onse awiri ndi mtunda wa hatchi kuchokera pa h8. Onse awiri ndi sitelimeti. Mfumu ya pakona ili ndi timabokosi titatu tokha toyandikana nayo: g8, g7 ndi h7. Mfumukazi ikakhala pa f7 imagwira g7 ndi h7 mumzere wake, nkugwiranso g8 mopingasa. Ikakhala pa g6 imagwira g7 ndi g8 mumzere wokwera, nkugwira h7 mopingasa. Pa h8 penipenipo siyifikapo, ndiye tcheki palibe, kopita kulibe, masewera atha.

Choyenera apa ndi kuika mfumukazi pa e7 nkuisiya pomwepo. Ili pamenepo yatseka mzere wonse wa 7 ndiponso f8, ndipo mfumu yakuda yatsala ndi timabokosi tiwiri, g8 ndi h8, tomangopitapita. Timabokosi tiwiriti musatilande. Ndito tikusunga masewera amoyo pamene mukubweretsa mfumu yanu, poti mfumukazi payokha singathe kupereka tchekimeti kwa mfumu yotsala yokha.

```
1... Kh8
2. Qe7 Kg8
3. Kf5 Kh8
4. Kg6 Kg8
5. Qg7#
```

Taonani kuti kuyambira pa kusuntha kwachiwiri mpaka kwachisanu mfumukazi sinagwedezeke. Ntchito yonse yagwiridwa ndi mfumu yoyera, ndipo mfumukazi itasunthanso inali tchekimeti. Pa kusuntha komalizako Qe8 nayonso imamaliza, chifukwa mfumu ya pa g6 yagwira f7, g7 ndi h7. Mukasewera molondola, mathero amenewa safuna kusuntha kopitirira 10 kulikonse kumene asilikali ayambira, ndipo a mfumu ndi ruku safuna kopitirira 16. Lamulo lija loti masewera angathe mofanana mphamvu aliyense akasuntha ka 50 popanda kudya kapena kusuntha poni likukupatsani mpata wokwanira. Palibe chothamangira, pokhapokha ngati wotchi ikukutherani.

Dyera nalo limatayitsa masewera pakona yomweyi. Tiyerekeze kuti mfumu yakuda ili pa h8, zakuda zatsala ndi poni imodzi pa f7, ndipo mfumukazi yanu ili pa e7. Poni ija ikuoneka yaulere, koma mukaidya mwafika pa f7 pomwe paja, sitelimeti. Poni ya mdani imene ikutha kuyenda, bola isakhale pafupi kukwezedwa, ndi bwenzi lanu, chifukwa ikadali ndi kopita sitelimeti singachitike. Koma muziwerenga bwino. Poni imene yatsekedwa kutsogolo ndipo ilibe choti idye siwerengedwa. Msilikali amene sangasunthe chifukwa akutchinga mfumu yake ku tcheki nayenso sawerengedwa. Anthu amaona asilikali akuda anayi kapena asanu pa bolodi nkuganiza kuti sitelimeti ili kutali, osazindikira kuti onsewo ndi omangika.

Pa chifukwa chomwechi sindigwirizana ndi chizolowezi chokweza maponi onse pofuna kunyazitsa mnzanu. Mfumukazi iliyonse yowonjezera imalanda timabokosi tambiri, ena amene simukuwayang'ana nkomwe. Imodzi ndi yokwanira. Ngati mukufuna wachiwiri wothandiza, tengani ruku, ndipo muzikankha mfumu mzere ndi mzere, kupereka tcheki kenako kutseka mzere wotsatira.

Kukweza poni kuli ndi msampha wakewake. Mfumu yoyera ikhale pa c6, poni pa c7, mfumu yakuda pa a7, zoyera zikusewera. Mukakweza poni kukhala mfumukazi pa c8, werengani: a8 ndi b8 zagwidwa mumzere wa 8, b7 ndi a6 zagwidwa mopingasa, b6 yagwidwa ndi mfumu yanu. Tcheki palibe. Mwagawana. Koma mukasankha ruku, a6 imatsala yotseguka chifukwa ruku siyenda mopingasa, ndipo mfumu yakuda imakakamizika kupita komweko.

```
1. c8=R Ka6
2. Ra8#
```

Apa msilikali wochepa mphamvu ndiye akumaliza msanga, chifukwa chakuti wasiyira mdani kabokosi kamodzi. Amene mumasewera pa foni kapena pa kompyuta, yang'anani ngati pulogalamu yanu inatcheredwa kuti izikweza poni kukhala mfumukazi yokha osakufunsani. Pa masewera othamanga kwambiri zimathandiza, koma pa malo ngati awa zimakulandani chipambano musanaganize nkomwe.

Mathero a mfumu ndi poni imodzi ndiwo amavuta kwambiri, chifukwa kumeneko sitelimeti siibwera mwangozi, ndiyo chitetezo chenicheni cha wofooka. Ikani mfumu yoyera pa d6, poni pa e6, mfumu yakuda pa d8. Ngati zoyera ndizo zikusewera, e7 imabwera ndi tcheki, mfumu yakuda imakhala pa e8 kutsogolo kwa poni, ndipo kuti poniyo isadyedwe mfumu yoyera iyenera kupita pa e6. Apo zakuda zilibe kopita, sitelimeti. Koma ngati pa malo omwewo zakuda ndizo zikusewera, zimapita pa e8, poni imafika pa e7 mwachete, mfumu yakuda imakakamizika kutuluka kupita pa f7, yoyera imalowa pa d7, ndipo poni imakwezedwa. Asilikali ali pamalo amodzimodzi, chasintha ndi amene akusewera basi. Nchifukwa chake odziwa amati poni ikafika pa mzere wa 7 ndi tcheki masewera amafanana, ikafika mwachete mumapambana. Njira yopezera mbali yabwinoyo ndi kutsogoza mfumu, poni izibwera pambuyo. Mfumu yanu ikafika pa mzere wa 6 kutsogolo kwa poni yake, monga pa e6 poni ili pa e5, mwapambana posatengera amene akusewera. Poni za m'mphepete, za mzere wa a ndi wa h, sizitsatira zimenezi: mfumu ya mdani ikangofika pakona, simungaichotsepo.

Pali chinanso chimene chimagwira ngakhale akatswiri. Mdani akaona kuti mfumu yake ilibe kopita ndipo maponi ake ndi omangika, amayamba kupereka dala asilikali ake otsala kuti muwadye. Zinachitika pa mpikisano wa dziko la United States wa 1963 mpaka 1964 ku New York, pamene Samuel Reshevsky anali patsogolo kwambiri polimbana ndi Larry Evans. Reshevsky anadya poni ya pa g3 ndi mfumukazi, ndipo Evans anapereka mfumukazi yake pa g8 ndi tcheki, kenako ruku pa g7 ndi tcheki. Kudya rukuyo kunali sitelimeti, kuikana kunali kulandira matcheki osatha, ndipo anafanana mphamvu. Chizindikiro cha ngozi yotereyi chimaoneka msanga ngati mukuchiyang'ana. Mukaona kuti mfumu ya mdani yatsekeka mbali zonse koma siili pa tcheki, werengani asilikali ake amene akutha kusuntha. Ngati watsala mmodzi kapena awiri, makamaka ruku kapena mfumukazi, yembekezerani kuti aponyedwa pa mfumu yanu. Mankhwala ake ndi kumasulira mfumu yakeyo kabokosi kamodzi, kapena kusiyira poni yake njira, musanapitirize kuukira.

Ena amati wochititsa sitelimeti azipatsidwa chipambano, poti mdani wasowa chochita. Ine sindivomereza. Lamuloli litachoka, pafupifupi mathero onse a mfumu ndi poni imodzi angakhale opambana mosavutikira, ndipo malo aja a d6, e6 ndi d8 sangakhalenso ndi kanthu koti munthu aganizire. Kutsogola ndi poni imodzi kungakhale kokwanira, pamene panopa muyenera kudziwanso koika mfumu yanu ndi nthawi yokankha poniyo.