Zachidule zili bwino pa mailosi, koma osati pa thupi la mwana

Ine ndimakonda masamu a m'mutu, ndipo a mailosi ndi osavuta. Mailosi 5 ndi pafupifupi makilomita 8. Mukafuna kusintha makilomita kukhala mailosi, gawani nambalayo pakati, kenako tengani kota ya thekalo n'kuwonjezerapo. Makilomita 80: theka lake ndi 40, kota ya 40 ndi 10, zonse pamodzi mailosi 50. Pobwerera, tengani mailosiwo, onjezani theka lake ndi limodzi la magawo khumi. Galimoto yochokera ku UK ikamaonetsa kuti yayenda mailosi 100,000, dziwani kuti yadya makilomita pafupifupi 160,000. Ogula, tsegulani maso pamenepo. Njirayi imaphonya pang'ono kwambiri moti pamsewu simungazindikire n'komwe.

Pamene mtima wanga suli m'malo ndi pa madigiri. Ambiri tinaphunzira kuti kuchoka pa Celsius kupita pa Fahrenheit, uchulukitse kawiri n'kuwonjezera 30. Pobwerera, uchotse 30 n'kugawa pakati. Pa nyengo zimathandizadi. Pa 10°C yankho limatuluka ndendende, 50°F. Tsiku lotentha la mu Okutobala, 30°C, njirayi ikupatsani 90°F pomwe zenizeni ndi 86°F. Palibe chaonongeka.

Koma kuphonyako kumakula kutentha kukamakwera, chifukwa nambala yeniyeni yochulukitsira ndi 1.8, osati 2. Ndiye taganizani mayi ali ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi kamene kakuwerenga mu °F, mwana wadwala usiku, kaonetsa 102. Akachotsa 30 n'kugawa pakati apeza 36, n'kunena kuti mwana ali bwinobwino, agone. Chonsecho 102°F ndi 38.9°C. Mwanayo thupi latentha ndithu, ndipo kwathu kuno kumene malungo sachedwa kufoola mwana, ameneyo ngofunika kukayezedwa kuchipatala. Izi zimandiwawa, chifukwa mayiyo wachita masamu monga anamuphunzitsira.

Maganizo anga ndi akuti pa thupi la munthu tisiye zachidulezo, tiloweze nambala zitatu basi. 98.6°F ndi 37°C, thupi lili m'malo mwake. 100.4°F ndi 38°C, apa ndiye latentha. 104°F ndi 40°C. Zilembeni pakapepala, mumate pabokosi la kachipangizoko kuti aliyense m'nyumbamo aziona, ngakhale agogo otsala ndi ana.

Ofuna kuwerengera okha, chotsani 32 osati 30, gawani pakati, muwonjezere limodzi la magawo khumi. Pa 102 patsala 70, theka lake 35, kuwonjezera 3.5, yankho 38.5. Latsalirabe pang'ono, koma lakuuzani zoona kuti mwana watentha thupi. Zipangizo zambiri za batire zimathekanso kuzisintha kuti ziziwerenga mu °C. Onani pakapepala ka malangizo kamene kanabwera nako, muchisinthiretu lero.