Zitsanzo zitatu zosankha nokha si mayeso

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Loweruka langa lonse latha chifukwa cha K6.

Kuntchito tili ndi pulogalamu yogawa ngongole kuti munthu azibweza mwezi ndi mwezi. Mayi wina anatenga ngongole yoti abweze K50,000 m'miyezi 7. Pulogalamu inawauza kuti azipereka K7,142 pamwezi, ndipo anapereka miyezi yonse osaphonya ngakhale umodzi. Atamaliza, pulogalamu yomweyo inayamba kuwatumizira mauthenga kuti adakali ndi ngongole, chindapusa cha kuchedwa n'kukwera pamwamba. Werengani nokha. K7,142 kuchulukitsa ka 7 ndi K49,994. K6 inasowera m'kati mwa masamu athu. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, chifukwa amene anachititsidwa manyazi ndi mayi uja pamene ife olemba khodi tinali phee.

Fankishoni yake ndi iyi:

```python
def gawa(ndalama, miyezi):
    return [ndalama // miyezi] * miyezi
```

Chizindikiro cha `//` chimagawa n'kutaya chotsala, ndiye vuto lake lagona pomwepo. Kulakwitsa kotere sikundipweteka kwenikweni, aliyense amaphonya. Chandipsetsa mtima ndi yankho lomwe ndinalandira kwa mnzanga wa kuntchito nditafunsa, lakuti "Koma achimwene, matesti onse akudutsa." Ndinatsegula matestiwo ndipo ndinapeza atatu. K120,000 pa miyezi 12, K60,000 pa miyezi 6, K90,000 pa miyezi 3. Onse ndi manambala ogawika bwinobwino popanda chotsala! Munthu wasankha yekha mafunso omwe akudziwa kale mayankho ake, wadzichonga yekha, kenako akubwera kudzatiuza kuti wakhoza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zoti nthawi inali yochepa ndazimva, koma zimenezo n'zodzikhululukira chabe.

Zitsanzo zomwe mumalemba ndi dzanja zimachokera m'mutu womwewo umene unalemba khodi. Ngati mutuwo sunaganize za chotsala polemba fankishoni, sudzachiganizanso polemba testi. Mudzasankha manambala osavuta kuwerengera pamtima, ndipo manambala osavutawo ndi omwe sagwira wakuba. Mukhoza kuwonjezera zitsanzo mpaka 20, zonse zidzakhala zapachibale.

Ndiye siyani kuuza kompyuta yankho la nambala iyi ndi iyi. Iuzeni lamulo loyenera kugwira pa nambala ina iliyonse, manambalawo isankhe yokha. Pa nkhani yathuyi lamulo lake ngakhale mwana wa pulayimale akhoza kulinena: magawo onse ukawaphatikiza abwerere pa ndalama yomwe unayamba nayo. Mu Python, ndi laibulale ya Hypothesis, limalembedwa chonchi:

```python
from hypothesis import example, given, strategies as st

@given(st.integers(1, 5_000_000), st.integers(1, 36))
def test_gawa(ndalama, miyezi):
    magawo = gawa(ndalama, miyezi)
    assert sum(magawo) == ndalama
```

Yang'anani bwino, mulibemo yankho ngakhale limodzi lomwe ine ndawerengera. Ndangonena kuti ndalama ikhale pakati pa 1 ndi 5,000,000, miyezi ikhale pakati pa 1 ndi 36, ndipo lamulo ndi ilo. Ukapanda kusintha chilichonse, Hypothesis imayesa zitsanzo 100 nthawi iliyonse ukayendetsa testi. Nditayendetsa, inagwa nthawi yomweyo, tiyi wanga asanazizire n'komwe.

Pali chinthu chimodzi chomwe anthu osaigwiritsa ntchito sachidziwa. Ikapeza nambala yogwetsa khodi, sikuponyera chinambala chachikulu chosokoneza mutu ayi. Imachichepetsa pang'onopang'ono, n'kumayesanso ngati khodi ikugwabe, mpaka itafika pa kachitsanzo kakang'ono kwambiri komwe vutolo likuonekerabe. Kwa ine inafika pa `ndalama=1, miyezi=2`. Kwacha imodzi, miyezi iwiri, magawo ake 0 ndi 0. Ukangoona zimenezo wadziwa kale kuti chotsala chikutayidwa, sufunikanso kufufuza usiku wonse. Imasunganso chitsanzocho mu foda ya `.hypothesis`, kuti ulendo wina iyambire pomwepo.

Ndipo asakunamizeni kuti n'zachilendo zongobwera dzulo. Koen Claessen ndi John Hughes a ku yunivesite ya Chalmers ku Sweden anafotokoza QuickCheck, chida chamtundu womwewu cha Haskell, m'chaka cha 2000. Olemba JavaScript ali ndi fast-check, a Java ali ndi jqwik. Zida zilipo, zaulere, ife n'kumalembabe 120,000 kugawa 12 ngati tili m'kalasi.

Mnzanga uja atamva izi anati, "Ndiye ndingoika chotsala chonse pa mwezi woyamba, testi yanuyo idutsa." Eya, idutsadi. Ndipotu fankishoni yoika ndalama yonse pa mwezi woyamba n'kulemba 0 pa miyezi ina yonse idutsanso, chifukwa kuphatikiza kukukwanabe. Lamulo lofooka limagwira zochepa, ndipo kompyuta siingakuganizireni lamulo lomwe simunalinene. Choncho ndinawonjezera awiri: magawo achuluke mofanana ndi miyezi, komanso gawo lalikulu lisapose laling'ono ndi kwacha yoposa imodzi.

```python
    assert len(magawo) == miyezi
    assert max(magawo) - min(magawo) <= 1
```

Ndi malamulo atatuwa khodi yasowa pothawira. Chotsala chiyenera kumwazidwa kwacha imodzi imodzi. Pa ngongole ya mayi uja ndiye kuti miyezi 6 apereke K7,143, mwezi wotsiriza K7,142, zonse pamodzi K50,000 ndendende. Ntchito yeniyeni inali kukhala pansi n'kudzifunsa kuti kugawa kolondola kumatanthauza chiyani, funso lomwe zitsanzo zitatu zija zinatilola kulizemba chaka chathunthu.

Chenjezo kwa amene muthamangire kukayesa Lolemba. Musakakopere masamu a fankishoni m'kati mwa testi n'kumayerekezera ziwirizo, chifukwa cholakwika chidzangogwirizana ndi chinzake. Ndiponso malire omwe mwapereka ndi okhawo omwe adzayesedwe. Ine ndayambira miyezi pa 1, ndiye za munthu wolemba 0 pa fomu testi iyi siikudziwa kanthu, zimenezo zikufuna testi yakeyake. Zitsanzo 100 zikadutsa sindiye kuti mwatsimikiza kuti khodi ilibe chilema, koma zikuposa kutali zitatu zosankha nokha. Chitsanzo cha K50,000 pa miyezi 7 ndachikhomera ndi `@example(50000, 7)` kuti chiziyesedwa nthawi zonse, anthu asadzaiwale.

Koma china chomwe chikundinyansa kwambiri ndi lipoti lija timanyadira pamisonkhano, loonetsa kuchuluka kwa mizere yomwe matesti adutsamo. Pa fankishoni imeneyi linkaonetsa 100%. Inde, 100%! Mkati mwake muli mzere umodzi wokha, testi imodzi iliyonse imaupondamo, ndiye nambalayo ikanakhala ina iti? Lipotilo limangonena kuti mzere unayendetsedwa, silinena kuti unachita zolondola. Koma abwana akaona zobiriwira pa sikirini amawomba m'manja, n'kutilola kutulutsa pulogalamu Lachisanu madzulo, iwo n'kuzimitsa foni. Amene anaimbira mayi uja kupepesa ndine, ndi mayunitsi anga.