GDP ikukwera, koma m'nyumba zili bwanji?

Mwalemba kuti: "Chuma chakwera, ndiye kuti mabanja akupeza bwino."

Apa sindikuvomereza, abale. GDP imawerengera mtengo wa katundu ndi ntchito zomwe zapangidwa m'dziko pa chaka, osati amene ndalamazo zimathera m'thumba mwake. Tinene kuti kampani yakunja yatsegula mgodi, miyala yochuluka ikugulitsidwa kunja. Chiwerengero chikwera ndithu, koma phindu lalikulu likupita kwa eni ake kunjako, olembedwa ntchito ndi ochepa. Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi cha mayi amene amaphika, kuchapa ndi kudwazika matenda tsiku lonse osalipidwa: ntchito yakeyo siwerengedwa. Akalemba wantchito n'kumulipira, pomwepo GDP yakwera. Kuti tidziwe za mabanja, tifunse kafukufuku wa zomwe khomo lililonse limapeza ndi kugula.